Mbalame yolusa yojambulidwa patali: pamene phiko ndi mchira zikukunamizani

Vuto lake limabwera chimodzimodzi nthawi zonse. Mwajambula mbalame yolusa ili m'mwamba, mwakulitsa chithunzicho pakompyuta, ndipo chimene mukuona ndi kachinthu kakuda ka mapiko awiri ndi mchira. Mtundu wa nthenga sukuoneka. Mukatsegula buku la mbalame, chithunzi chanu chikufanana pang'ono ndi mbalame zinayi, koma palibe imene chikufanana nayo kwathunthu. Wina akuti ndi mphamba, wina akuti mphamba sangakhale ndi mchira wotero, ndipo aliyense ali ndi mfundo yake.

Gwero la chisokonezochi nlakuti wojambula m'buku amaigoneka mbalame bwinobwino, mapiko otambasuka, mchira wowongoka, inu mukuiona kuchokera pansi penipeni. Mbalame yamoyo siima choncho. Imasintha maonekedwe kangapo pa sekondi imodzi, ndipo kamera imagwira kamphindi kamodzi kokha. Choncho funso loyamba lisakhale lakuti ndi mbalame yanji. Yambani ndi awiri awa: imachita chiyani pamene ndimaijambula, nanga ndimaiona kuchokera mbali iti? Mukayankha amenewa, mudzadziwa zizindikiro zimene mungazikhulupirire pachithunzicho ndi zimene muyenera kuzitaya.

Mayina athu a mbalamezi amasinthanasinthana, ndiye pofuna kuti tisasocheretsane ndigwiritsanso ntchito mayina a sayansi amene ali m'buku lililonse. Ndikati mphamba ndikunena Milvus migrans ndi mbale wake wa mlomo wachikasu.

Chithunzi chili ndi zokwanira kuwerenga?

Musanayambe kutsutsana za nthenga, yezani kuti mbalameyo yatenga mapikiseli angati kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga inayo, pachithunzi choyambirira chosakulitsa. Tiyerekeze kuti muli ndi lenzi ya mamilimita 400 pa kamera ya sensa yotalika mamilimita 36 yokhala ndi mapikiseli 6000 m'litali mwake. Mbalame yotambasula mapiko mamita 1.4, ili pamtunda wa mamita 500, idzatenga mapikiseli pafupifupi 190. Ndiye kuti pikiseli imodzi ikuimira kachigawo kosakwana sentimita imodzi, ndipo nthenga imodzi ya kunsonga kwa phiko ili ndi mapikiseli 3 kapena 4 m'lifupi mwake. Pamenepo mukhoza kuwerenga nthengazo, ngati chithunzi sichinagwedezeke. Mbalame yomweyo ikakhala pa kilomita imodzi, mapikiseli amatsika kufika pa 90 ndi chakuti, ndipo nthenga iliyonse imatsala ndi pikiseli imodzi kapena awiri. Apo musadzivute kuwerenga. Chimene mwatsala nacho ndi kutalika kwa mchira, kutuluka kwa mutu ndi kaimidwe ka mapiko, ndipo zimenezi zingakufikitseni pa gulu la mbalameyo, osati pa mtundu wake weniweni.

Chenjerani ndi zithunzi za pafoni zojambulidwa ndi zumu yaikulu. Foni imadzikonzera yokha m'mbali mwa chinthu kuti chioneke chakuthwa, ndipo pochita zimenezi imatha kumata nthenga ziwiri kukhala imodzi kapena kuika kampata pamchira pamene panalibe. Mpweya wotentha wa masana umachitanso zofanana: mphepete mwa phiko mumaoneka mokhotakhota, ndipo pachithunzi chotsatira kukhotako kumasamukira pena. Chizindikiro chimene chikuoneka pachithunzi chimodzi chokha n'kusowa pa zinzake, chikayikireni.

Mchira ukuoneka waufupi kwambiri, kapena phiko lina nlalifupi kuposa linzake

Apa cholakwa si mbalame, ndi mbali imene munaima. Tengani mbale yozungulira muipendeketse: imaoneka yopapatiza ngakhale kuti sinasinthe. Mbalame ikamabwera kwa inu kapena ikamathawa, thupi ndi mchira zimafupika momwemonso. Ikapendekeka ndi madigiri 45, mchira umaoneka ngati magawo 7 mwa magawo 10 a kutalika kwake. Ikapendekeka ndi madigiri 60, umaoneka theka lokha. Mphamba wa mchira wautali amasanduka chiwombankhanga cha mchira waufupi mwa njira imeneyi, ndipo anthu ambiri amapusitsika pomwepa chifukwa aliyense amafuna kuti akhale atajambula chiwombankhanga.

Mungadziwe bwanji? Yezani mapiko onse awiri kuchokera pathupi kufika kunsonga. Akasiyana kutalika, mbalameyo inali ikukhota, ndipo phiko lalifupilo musalidalire pa china chilichonse. Akakhala ofanana koma opyapyala modabwitsa, mutu ukuoneka waukulu ndipo chifuwa chikuphimba poyambira mchira, ndiye kuti ikubwera kwa inu. Mbalame yothawa imaoneka ngati ilibe mutu, ndipo nsonga za mapiko zimaoneka zosongoka kuposa mmene zilili.

Chabwino nchakuti chithunzi chimene sichikuthandizani pa mchira chimakhala chothandiza pa china. Mbalame ikamabwera molunjika, ndi pamene mumaona mmene imagwirira mapiko ake, chinthu chimene simungachione kuchokera pansi. Akabawi a m'madambo a gulu la Circus amakweza mapiko ngati chilembo cha V. Buteo buteo amawakweza pang'ono pozungulira. Pernis apivorus, amene amafanana kwambiri ndi Buteo, amawagwira athyathyathya ndipo potsetsereka amawagwetsa pang'ono. Mphamba amawapinda ngati uta, nsonga zikuloza pansi. Koma samalani: chithunzi chimodzi chikhoza kugwira mbalame pakati pa kukupiza, ndipo pakati pa kukupiza mbalame iliyonse imapanga V. Onani zithunzi zitatu kapena zinayi zotsatizana. Mapiko akakhala pamalo amodzimodzi pa zonsezo, ndiko kaimidwe kake.

Phiko losongoka, komabe sikuoneka ngati Falco

Buku limati a gulu la Falco ali ndi mapiko osongoka, a gulu la Accipiter ali ndi mapiko aafupi ozungulira. Nzoona, koma nzoona pokhapokha mbalame zonsezo zikuchita chinthu chimodzi. Mbalame yolusa ili ndi maulukidwe atatu amene amasintha chithunzithunzi chake. Pozungulira mu mpweya wokwera imatambasula zonse, mapiko kutsogolo pang'ono, mchira wotsegula. Potsetsereka kuchoka pa mpweya wokwera umodzi kupita pa wina imapinda mapiko, mfundo ya pakati pa phiko imatulukira kutsogolo, nthenga za kunsonga zimasanjikizana, mchira umatsekeka. Pogwera nyama imawapinda kotheratu.

Ndiye Accipiter wotsetsereka mothamanga, makamaka pamphepo, amakhala ndi nsonga zakuthwa ngati Falco. Falco naye pozungulira amatambasula phiko mpaka nsonga imaoneka yobuntha. Chizindikiro chosavuta chodziwira zimene mbalame ikuchita ndi mfundo ya phiko ija: ikafika pafupi ndi mzere wa mlomo, mbalameyo ikutsetsereka, ndipo kusongoka kwa phiko sikukuuzani kanthu. Mukatero yang'anani mphepete ya kumbuyo kwa phiko. Ya Accipiter imatukumuka pakati pa mkono kenaka n'kulowa pafupi ndi thupi, ndipo mchira wake ndi wautali kuposa kufutukuka kwa phiko. Phiko la Falco wamkulu limayamba lotambalala pathupi ndi kumachepa mosalekeza mpaka kunsonga, ndipo chifuwa chake nchodzadza.

Muyeso umene ndimaudalira kwambiri pa zithunzi zakuda ndi uwu: yerekezani kutalika kwa mchira, kuchokera pamene mapiko athera, ndi kufutukuka kwa phiko pafupi ndi thupi. Kwa mphamba, Circus ndi Accipiter mchira umaposa. Kwa Buteo wamkulu umachepera pang'ono. Kwa ziwombankhanga zambiri za gulu la Aquila umachepera ndithu, kwa miimba umachepera kwambiri, ndipo kwa Terathopius ecaudatus wamkulu mchira ndi waufupi mwakuti mapazi amatulukira kumbuyo kwake. Ubwino wa muyeso umenewu ndi wakuti zinthu ziwiri zimene mukuyezazo zagona mbali imodzi, choncho mbalame ikapendekeka zimafupikira limodzi.

Mchira ulibe mphanda, ndiye si mphamba?

Pano ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene pamagwa anthu ambiri, ngakhale odziwa.

Mbalame zolusa zambiri zili ndi nthenga 12 kumchira, ndipo zonse zimamera pamalo amodzi. Mchira ukatsegulidwa, nthengazo zimabalalika kuchokera pamalo amodziwo. Taganizani tsopano za mchira umene nthenga zake zonse nzotalika mofanana. Ukatsekedwa, kumapeto kwake kumakhala kodulidwa mowongoka. Ukatsegulidwa, nsonga zake zimapanga mzere wozungulira, chifukwa iliyonse ili pamtunda wofanana kuchokera pomera paja. Nanga mchira umene nthenga zake za m'mbali nzotalikirapo kuposa zapakati? Ukatsekedwa umaonetsa mphanda. Ukatsegulidwa, kutalika kwa za m'mbali kuja kumadzaza pamene pakanakhota, ndipo kumapeto kumakhala kowongoka, ngodya zake zakuthwa.

Tanthauzo lake ndi ili: mchira wotsegula kwambiri koma wowongoka kumapeto ndi mchira wa mphanda. Anthu amauona n'kunena kuti si mphamba, chikhalirecho ndi umboni wa mphamba. Milvus migrans ali ndi mphanda yosazama, ndipo pozungulira m'mwamba imasowa kotheratu, kutsala mchira wa ngodya zitatu. Mbale wake wofiira wa ku Ulaya, Milvus milvus, mphanda yake njozama mwakuti imaonekabe ngakhale atatsegula. Choncho musafunse kuti mchira uli ndi maonekedwe otani musanafunse kuti watsegulidwa motani. Wowongoka uli wotseka ndi wowongoka uli wotsegula ndi michira iwiri yosiyana.

Palinso mphanda yabodza. Mbalame zambiri zikamasintha nthenga za kumchira zimayamba ndi ziwiri zapakati. Zikathothoka zimenezo, kapena zatsopano zikadali zazifupi, Buteo kapena Circus amaoneka ndi kampata pakati pamchira. Mphanda yeniyeni imatsika pang'onopang'ono kuchokera m'mbali kupita pakati, nthenga iliyonse yofupikirapo kuposa inzake. Yabodza imakhala ngati pagwelulidwa dzino: nthenga zonse nzofanana, kenaka dzenje pakati. Chimodzimodzinso nthenga za m'mbali zikamamera, mchira wodulidwa mowongoka umaoneka wozungulira. Aliyense amene anayesapo kusiyanitsa akabawi awiri ofanana kwambiri a ku America, wamng'ono wa mchira wowongoka ndi wamkulu wa mchira wozungulira, akudziwa kuti m'nyengo yosintha nthenga chizindikirocho chimatha ntchito.

Zala zikuwerengeka mosiyana pa phiko lililonse

Mbalamezi zili ndi nthenga zazikulu 10 kudzanja la phiko. Zakunja zingapo zimapapatira chakunsonga, ndipo phiko likatambasuka zimalekana n'kuoneka ngati zala. Kuchuluka kwa zalazi sikusintha mu mtundu umodzi, ndiye ndi chizindikiro champhamvu pachithunzi chimene chilibe mtundu wa nthenga. Buteo buteo, Pernis apivorus ndi Circus aeruginosus ali ndi zala 5. Milvus migrans ndi kachiwombankhanga kotchedwa Hieraaetus pennatus ali ndi 6, pamene Milvus milvus ali ndi 5. Ziwombankhanga zazikulu za gulu la Aquila zimaonetsa 7. Pakati pa akabawi a Circus opyapyala, pygargus ndi macrourus ali ndi 4, cyaneus ali ndi 5.

Powerenga, yambani ndi nthenga ya kutsogolo kwenikweni. Imeneyi njaifupi ndipo imabisala kumbuyo kwa inzake, ndiye ambiri amaidumpha n'kupeza chiwerengero chochepa ndi chimodzi. Werengani pokhapokha mbalame ikuzungulira, phiko lili lotambasuka lonse. Potsetsereka zala zimasanjikizana ndipo zamkati zimasowa. Werengani mapiko onse awiri. Akasiyana, khulupirirani lochuluka, chifukwa chala chikhoza kubisala kapena kuthothoka, pamene kuwonjezeka nkosowa.

Ndati nkosowa, osati kosatheka. Nthenga ya mkati ikathothoka pafupi ndi zala, mpata wotsalawo umachititsa nthenga yoyandikana nawo kuima payokha ngati chala. Mbalame za banja la mphamba ndi Buteo zimayamba kusintha nthenga za kudzanja kuchokera mkati kupita kunja, pamene a Falco amayambira pa nthenga yachinayi n'kumapita mbali zonse ziwiri. Ziwombankhanga zazikulu ndi miimba sizimaliza kusintha m'chaka chimodzi, ndiye zimakhala ndi mipata ingapo nthawi imodzi. Mpata wa kusintha nthenga kawirikawiri umaoneka pamalo ofanana pa mapiko onse awiri. Ukakhala pa phiko limodzi lokha, mwina nthenga inathyoka. Mulimonsemo, phiko la mipata musaliwerenge.

Msinkhu nawo umasintha chithunzithunzi. Mwana wa chaka choyamba nthenga zake zonse zinamera nthawi imodzi, choncho mphepete ya kumbuyo kwa phiko imakhala yosalala bwino, yopanda mpata. Ana a Buteo amakhala ndi mapiko opapatirapo ndi mchira wotalikirapo kuposa makolo awo. Mwana wa Terathopius ndi wofiirira, mchira wake ndi wautali kubisa mapazi, ndipo zimamutengera zaka 7 kapena 8 kuti afanane ndi wamkulu. Munthu amene akungodziwa wamkulu yekha samuzindikira.

Za kukula kwa mbalame ndingonena mwachidule: pa thambo lopanda kanthu simungakuyeze. Ngakhale pali khwangwala akuithamangitsa, lenzi yaitali imachititsa chinthu chakutali kuoneka chachikulu kuposa mmene maso akuyembekezera, ndipo simudziwa kuti ili kumbuyo ndi iti. Onjezani kuti zazikazi zimakula kuposa zazimuna, kwambiri mwa a Accipiter.

Tiyese pa chitsanzo

Tinene kuti muli ndi zithunzi zisanu zotsatizana za mbalame yakuda yofiirira, yojambulidwa thambo lili loyera. Pa chabwino kwambiri yatenga mapikiseli 210. Mwajambula kumalo ndi nyengo imene mbalame zisanu nzotheka: mphamba, Buteo buteo, Circus aeruginosus wamkazi, Hieraaetus pennatus wa mtundu wakuda, ndi Hieraaetus wahlbergi wa mu Afirika. Zinayi zoyambazo zimatambasula mapiko pakati pa masentimita 110 ndi 155, ndipo wachisanuyo sali patali nazo, ndiye kukula sikungathandize ngakhale mukanakudziwa.

Pa chithunzi choyamba phiko lamanzere latalika mapikiseli 95, lamanja 60. Mbalame ikukhota, chiikeni pambali. Pa chachiwiri mapiko ndi ofanana, otambasuka, mchira wotsegula kwambiri. Ichi ndiye chogwirira ntchito. Zala zikuwerengeka 6 kumanzere, 5 kumanja, ndipo mipata ya kusintha nthenga palibe. Mukayang'anitsitsa kumanja mupeza kuti chala chakutsogolo chikuoneka chonenepa kuwirikiza zinzake, kusonyeza kuti kafupi kaja kagona pa chinzake. Ndiye zala ndi 6. Buteo ndi Circus achoka pamndandanda. Muyeso wa mchira ukugwirizana nazo: mchira ndi mapikiseli 42, kufutukuka kwa phiko pathupi ndi 36, pamene Buteo wamkulu akanapereka mchira wocheperapo.

Wahlbergi amadziwika ndi mapiko opapatiza a mphepete zoyenda mofanana, ogwiridwa athyathyathya, ndi mchira wautali wopapatiza umene amakonda kuusiya wotseka, mwakuti mbalame yonse imaoneka ngati mtanda. Yathuyi dzanja lake nlotambalala, phiko lapindika pamfundo ngakhale ikuzungulira, ndipo mchira watsegulidwa pa zithunzi zitatu mwa zisanu. Izi sizimutsekera kunja kotheratu, koma zikumukankhira kumbuyo.

Atsala awiri amene amasokoneza ngakhale akatswiri: mphamba ndi pennatus wakuda. Onse zala 6, onse ofiirira, onse amagwetsa nsonga za mapiko potsetsereka, ndipo pennatus nayenso nthawi zina amapotoza mchira monga amachitira mphamba, choncho kupotoza kumene kukuoneka pa chithunzi chachitatu si umboni wokwanira. Bwererani ku mchira wa pa chithunzi chachiwiri. Watsegulidwa kwambiri, koma kumapeto kwake nkowongoka ndipo ngodya nzakuthwa. Nthenga za pennatus nzofanana kutalika, ndiye mchira wake ukatsegulidwa chonchi ukanazungulira. Mfundo yoyamba yapita kwa mphamba. Pa chithunzi chachinayi mbalame yayamba kutsetsereka, mchira watsekeka theka, ndipo kumapeto kwalowa mkati ndi mapikiseli 4, motsetsereka kuchokera m'mbali zonse ziwiri. Mapikiseli 4 paokha ndi ochepa. Pennatus wotseka mchira amathanso kuonetsa kampata kakang'ono. Koma akugwirizana ndi zimene chithunzi chachiwiri chinalosera, ndipo zizindikiro ziwiri zochokera pa zithunzi ziwiri zosiyana zimalemera kuposa chimodzi. Mutu nawo ndi waung'ono, pamene wa pennatus ndi wotambalala, wozungulira, pa khosi lonenepa.

Tsopano, osati kale, ndi pamene muwalitse chithunzi. Kwezani kuwala kwa malo amdima mpaka pansi pa phiko payambe kuoneka, koma mulekeze timadontho tamitundumitundu tisanachuluke. Pennatus amaonetsa kachigawo kowala kopapatiza pa nthenga zitatu zamkati za kudzanja, ndipo akamabwera molunjika amakhala ndi timadontho tiwiri toyera pamene mapiko akumana ndi khosi. Mphamba amaonetsa chigawo chowala pang'ono chotambalala pakati pa dzanja, chopanda malire omveka. Pa chithunzi chathu chigawocho nchotambalala. Chithunzi chachisanu mbalame yatembenukira kwa inu, mapiko apindika ngati uta, ndipo timadontho toyera palibe. Kusowa kwake si umboni waukulu, chifukwa pa mapikiseli ochepa chonchi tikhoza kusowa ngakhale tilipo, ndiponso si pennatus aliyense amene ali nato. Komabe palibe chimene chikutsutsa. Mbalameyi ndi mphamba.

Onani kuti mukanakhala ndi chithunzi choyamba chokha simukanafika apa, ndipo ndi chachiwiri chokha mukanafika mokayika. Mukanayamba ndi kuwalitsa, maso anu akanagwira kachigawo kowala kaja n'kusankha dzina, kenaka zina zonse mukanaziwerenga mokometsa dzinalo. Nchifukwa chake mtundu wa nthenga umabwera pomaliza.

Zizindikiro zikutsutsana

Nthawi zina zala zimati ichi, mchira n'kumati icho. Zikatero musaponye voti. Funsani kuti mwa ziwirizi, chimene kaimidwe ka mbalame kakanachiwononga ndi chiti. Zala zowerengedwa potsetsereka zimagonja kwa mchira. Mchira wa mbalame yothawa umagonja kwa zala. Chizindikiro chimene palibe chifukwa chochikayikira ndicho chimatsala. Onaninso tsiku ndi malo: mbalame yosamuka imene iyenera kukhala ku chigawo china cha dziko mwezi umenewo imafuna umboni wochuluka kuposa imene imapezeka tsiku lililonse.

Zonse zikakanika, lembani gulu lokha. Ku Batumi, m'dziko la Georgia, kumene mbalame zolusa zoposa 1 miliyoni zimadutsa nyengo iliyonse yosamukira kummwera, owerenga ake ali ndi magulu olembamo zimene sanazizindikire bwino, monga gulu limodzi la akabawi atatu a Circus opyapyala aja ndi lina la ziwombankhanga zazikulu. Anthu amenewa amaona mbalame ikuuluka, ali ndi makina oonera patali, komabe amasiya zambiri zopanda dzina. Pa chithunzi cha mapikiseli 80, kulemba kuti Circus kapena Aquila ndi yankho lathunthu.

Kuti vutoli lichepe ulendo wina, sinthani zinthu zitatu pakamera. Liwiro la shata likhale 1/1600 kapena 1/2000, kuti nsonga za mapiko zisafufutike. Thambo likakhala loyera onjezani kuwala ndi `+1` mpaka `+2`, chifukwa kamera imayeza thambo n'kuisiya mbalame yakuda bii. Jambulani mu `RAW` ngati kamera ikulola, popeza `JPEG` imataya zambiri za m'malo amdima zimene mudzazifune powalitsa. Ndipo musalekeze mbalame ikangodutsa pamutu panu: pitirizani kujambula mpaka imalize kuzungulira kamodzi, kuti mukhale ndi cha pansi, cha kutsogolo ndi cha pamsana pamene ikupendekeka. Zithunzi zooneka zoipa musafufute pomwepo, makamaka zimene mbalame ikubwera molunjika ndi zimene mchira watsekeka.